Kadontho koyera pa chitseko: mmene nkhani ya mlonda ndi kamera imalukidwira

Pali mtundu wina wa nkhani yaifupi umene umaoneka wosavuta kulemba mpaka munthu atauyesa yekha. Mlonda wa usiku wakhala pa mpando m'kanyumba ka pa geti, akubweza zithunzi zimene makamera anajambula, ndipo akuona kanthu kamodzi kakang'ono kamene ena onse sanakaone. Munthu ndi mmodzi, chipinda ndi chimodzi, palibe kuthamangitsana, palibe ndewu. Nkhani yonse yatsamira pa kanthu kameneko, ndipo kakakhala kosakhwima nkhani imagwa yonse, ngakhale chinenero chake chikome bwanji.

Olemba ambiri amafulumira kusankha chinthu choopsa: nkhope ya pa zenera, chithunzithunzi cha munthu wopanda mutu, mfuti m'thumba. Vuto lake n'lakuti zinthu zotere aliyense angazione. Bwana akanaziona, wapolisi akanaziona, ngakhale mwana wodutsa akanaziona. Nanga mlondayo ali m'nkhanimo chifukwa chiyani? Ine ndimaona kuti kanthu koyenera ndi kaja kamene kali poyera pamaso pa onse, koma wokamvetsa ndi mlonda yekha, chifukwa iye ndiye wazungulira malowo usiku ndi usiku mpaka akudziwa mmene chilichonse chimakhalira pamene palibe chachitika.

Arthur Conan Doyle anachita zimenezi mu 1892 m'nkhani yake ya Silver Blaze, imene Sherlock Holmes amafufuza za kavalo wa mpikisano amene anasowa m'khola usiku. Chimene chinatsegula mlanduwo chinali galu wa pakholapo, amene sanauwe. Kusauwako kunasonyeza kuti wolowayo anali munthu amene galuyo amamudziwa. Palibe chinthu chachilendo chimene chinaonekera, kungoti chinthu chozolowereka chinasowa. Nkhani ya mlonda ndi kamera imayenda bwino ikatsata nzeru yomweyi, koma isabwereke galuyo. Ipeze chake.

Tiyeni timange imodzi kuyambira pansi, kuti tione pamene pamavuta.

Malo athu ndi nyumba yosungiramo katundu ya sitolo yogulitsa zinthu zambiri nthawi imodzi. Kutsogolo kuli geti ndi kanyumba ka mlonda. Kumbuyo kuli chitseko chachitsulo chotulukira m'kanjira kamene anthu amadutsamo masana. Powerenga katundu kumapeto kwa mwezi, apeza kuti matumba 8 a shuga a makilogalamu 50 palibe. Chitseko sichinathyoledwe, denga silinaboole. Bwana wanena mosabisa kuti ngati wakuba sapezeka, alonda awiri onse achotsedwa ntchito, ndipo wauza mlonda wa usiku kuti aone yekha zimene makamera anajambula, poti iye waona kale ndipo sanapeze kanthu.

Tisanapite patali, wolemba ayenera kudziwa chimene mlondayo akuyang'ana, chifukwa owerenga ambiri lero anaimapo kutsogolo kwa sikirini yotere m'sitolo kapena ku ofesi, ndipo bodza amalizindikira msanga. Makamera a m'malo ngati awa amatumiza zithunzi ku kabokosi kotchedwa DVR, kamene kamazisunga. Sikirini imagawidwa m'zigawo zinayi, zisanu ndi zitatu kapena kuposa, chigawo chilichonse ndi kamera yake, ndipo pakona pamakhala dzina la kamera ndi nthawi, mwachitsanzo CAM 3 ndi 04:02:17. Kukada, makamera ambiri amayatsa timagetsi tawo ta kuwala kumene diso la munthu silikuona, ndipo chithunzi chimasanduka chakuda ndi choyera basi. Choncho mlonda wanu sanganene kuti wakubayo anavala malaya ofiira. Mtundu palibe. Chimene chilipo ndi kuwala: chitsulo chosalala chimanyezimira, maso a mphaka amayaka, ulusi wa kangaude umene uli pafupi ndi galasi umaoneka ngati chingwe choyera, tizilombo touluka timadutsa tikuwala. Makamera ambiri otere sajambulanso mawu, ndiye zonse zimachitika mwakachetechete.

Cholakwika china chimene mafilimu anatiphunzitsa ndi chakuti munthu akakulitsa chithunzi, nkhope imene inali kutali imayera mpaka kuoneka chipsera cha pa tsaya. Sizitero. Ukakulitsa chithunzi cha kamera yotsika mtengo, umangoona timabokosi totuwa tokulirapo. Wolemba asadandaule nazo zimenezi. Kulephera kwa kamera ndiko kumapatsa mlonda ntchito, chifukwa pamene makina alekezera, chidziwitso cha munthu chimayambira pomwepo.

Pali zinthu zina ziwiri za kabokosi kaja zimene nkhani yathu idzadalira. Choyamba, malo osungira zithunzi akadzaza, zatsopano zimafufuta zakale. Masiku ake amasiyana malinga ndi kukula kwa chosungiracho ndi kuchuluka kwa makamera, koma ife tinene kuti pano ndi masiku 14. Chachiwiri, magetsi akazima ndipo palibe batire yothandizira, kujambula kumaima, ndipo akayakanso kabokosiko kamatenga kanthawi kuti kadzuke. Pa sikirini sipaoneka mdima wautali. Nthawi imangodumpha, kuchoka pa 04:02 kufika pa 04:13, ndipo munthu amene akuthamangitsa zithunzi akhoza osazindikira n'komwe kuti padumpha. Kuthamangitsako n'kosapeweka: usiku wa maola 12 ukauyendetsa mofulumira kasanu ndi katatu umatha mu ola limodzi ndi theka, ndipo bwana amene ali ndi mausiku khumi ndi awiri oti aone sangachitire mwina.

M'nkhani yathu, sabata imeneyo magetsi ankazima cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, ndipo aliyense wa pamalopo ankadziwa. Akazima, mlonda ankanyamula tochi kupita kukaliza jenereta kutsogolo, jenereta yokalamba yofuna kukokedwa chingwe kangapo. Mphindi khumi kapena khumi ndi imodzi zinkatha chitseko cha kumbuyo chilibe diso la munthu kapena la kamera. Anthu awiri amphamvu okhala ndi ngolo m'kanjira angatulutse matumba 8 m'nthawi imeneyo. Wolemba awerengere zimenezi mofatsa. Akalemba matumba 40, wowerenga amene ananyamulapo thumba la shuga pamsana aleka kumukhulupirira.

Tsopano kanthu kathu. Pa chitseko cha kumbuyo pali loko wamkuwa wa mbali ziwiri. Mbali imodzi ndi yosalala, yonyezimira. Mbali inayo inapakidwa penti wakuda kalekale, kuti asasokonezeke ndi maloko ena. Madzulo alionse mlonda ndiye amakoleka lokoyo ndi kutseka, kalaliki wa stoko akuonerera, kenako onse awiri amasaina m'buku. Mlondayo alibe kiyi, koma loko wotere amatseka pongokanikiza. Popeza amakoleka ndi dzanja lamanja, kuchokera mbali imodzimodzi masiku onse, mbali yonyezimira ndi imene imayang'ana kunja. Usiku pa CAM 3 imaoneka ngati kadontho koyera pakati pa chitseko chotuwa. Palibe amene anakaganizirapo kadonthoko, ngakhale mlonda mwini wake.

Nayi mmene ndime ya kuzindikira ingamvekere:

Anabweza usiku wa Lachiwiri kachitatu. Chitseko, khoma, mgolo wa zinyalala, kangaude pakona. 04:02, kenako 04:13. Chitseko, khoma, mgolo, kangaude. Anayasamula, nagwira mbewa kuti apite ku Lachitatu, koma dzanja linaima lokha. Anabwezanso pang'ono. Pa 04:02 kadontho kanalipo. Pa 04:13 panalibe. Anapukuta sikirini ndi mkono wa jekete, poganiza kuti ndi fumbi. Anapita ku Lolemba: kadontho kanalipo magetsi asanazime, kanalipo atayaka. Lachitatu chimodzimodzi. Anakhala chete, tiyi akuzizira m'kapu.

Onani kuti m'ndimeyi mulibe mawu akuti anadabwa kwambiri kapena mtima wake unagunda. Dzanja loima ndi tiyi wozizira zanena kale. Onaninso kuti mlondayo sakhulupirira msanga. Ayamba wakayikira sikirini, kenako ayerekeza ndi mausiku ena. Umu ndi mmene munthu wodziwa ntchito amachitira, ndipo kukayika kwake ndiko kumachititsa wowerenga kukhulupirira.

Wina angafunse kuti, kodi n'zoona kuti bwana akanaphonya chinthu choonekeratu chotere? N'zoona, ndipo akatswiri a kaganizidwe ka munthu anaziyesa. Mu 1998 Daniel Simons ndi Daniel Levin anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita ku America. Munthu ankaimitsa wodutsa m'njira n'kumufunsa njira. Ali mkati molankhula, anthu onyamula chitseko ankadutsa pakati pawo, ndipo wofunsa uja ankasinthana ndi munthu wina kuseri kwa chitsekocho. Pafupifupi theka la ofunsidwawo anapitiriza kulongosola njira osazindikira kuti akulankhula ndi munthu wina. Kusintha kukachitika maso atatsekerezedwa kwa kamphindi, ubongo umangoganiza kuti zonse zili monga zinalili. Kudumpha kwa nthawi pa kamera kumagwira ntchito ya chitseko chija. Kuwonjezera apo, bwana ankafunafuna munthu woyenda, ndipo diso lofuna munthu silisamala kadontho.

Kufika pano tili ndi chinsinsi chabwino, koma nkhani sinakwane. Kadontho kosowa kakutiuza kuti loko anatsegulidwa ndi kiyi n'kutsekedwanso mbali yakuda ili kunja. Zikathera pamenepa, ndi masamu chabe. Chimene chimasandutsa masamuwa kukhala nkhani ndi chakuti mlonda akudziwa munthu amene amatseka loko chotero. Loweruka lililonse sitolo imatsekedwa masana, mlonda asanafike, ndipo akafika madzulo amapeza mbali yakuda ili kunja, chifukwa wotseka tsiku limenelo ndi kalaliki wa stoko, bambo wachikulire wamanzere. Bambo ameneyu ndi wa kumudzi kwawo. Ndi amene anamupezera ntchitoyi atakhala chaka chathunthu osagwira kanthu, ndipo mwana wa mlondayo atadwala, ndi amene anamubwereka ndalama ya thiransipoti ya ku chipatala.

Apa ndiye pali mtima wa nkhani, ndipo wolemba achedwepo. Kanthu kakang'ono kayenera kulasa woonayo. Akaulula, wagwetsa munthu amene anamudyetsa. Akakhala chete, mnzake wa masana, mnyamata amene mkazi wake ndi woyembekezera, achotsedwa ntchito pa mlandu umene sakuudziwa, ndipo iye mwini naye apita. Ndiye kumbukirani masiku 14 aja. Usiku wa Lachiwiri umenewo unali masiku 12 apitawo. Mlonda safunika kunama kapena kufufuta chilichonse. Akangokhala chete masiku awiri, makina afufuta okha. Yesero lotere ndi loopsa kuposa chiphuphu, chifukwa silimupempha kuchita choipa chilichonse ndi manja ake, ndipo ambiri a ife tikudziwa kukoma kwa tchimo la kungokhala.

Kuti zonsezi zigwire, wowerenga ayenera kukhala ataona kale loko ndi dzanja lamanzere, koma osadziwa kuti waona. Uku ndiko kubzala, ndipo ndi ntchito yovuta kuposa ina yonse m'nkhaniyi. Ukabzala moonekera, wowerenga amadziwiratu mathero pa tsamba loyamba. Ukapanda kubzala, amaona kuti wamubera, kuti watulutsa yankho m'thumba nthawi yomaliza. Njira yake ndi kubisa chinthucho m'kati mwa chinthu china chimene chikukopa maso. Kwathu kuno kupatsa munthu chinthu ndi dzanja lamanzere si ulemu, ndipo wamanzere amakhala akudzikonza kapena kupepesa moyo wake wonse. Choncho koyambirira kwa nkhani, madzulo, tingalembe motere:

"Tenga mandasi awa, mwana wanga, usiku ndi wautali." Anatambasula dzanja, nalibweza msanga, nasinthira kapepalako ku dzanja lamanja. "Pepa, dzanja ili silimva."

"Zikomo, madala. Mwandikumbukira."

"Tseka tizipita, mawondo akundipweteka."

Anakoleka loko, nakanikiza. Mkuwa unanyezimira ndi dzuwa lolowa.

Wowerenga pano akuona kukoma mtima kwa mkuluyo ndi ubale wa awiriwa. Dzanja lamanzere lalowa ngati khalidwe la munthu, kunyezimira kwa loko kwalowa ngati kukongoletsa madzulo. Zonse ziwiri zili poyera, ndipo palibe chimene chabisidwa mwachinyengo. Za Loweruka zingatchulidwe kamodzi, mwina pamene mlonda akudandaula kuti tsiku limenelo amafika pamalo opanda womulonjera, n'kungogwedeza loko wakuda uja kuona ngati watseka. Kamodzi n'kokwanira. Kubwereza kachitatu ndi kuloza ndi chala.

Wolemba ayeneranso kutseka mipata imene wowerenga wochenjera angalowere. Chifukwa chiyani mlonda sanaone loko wotembenuka m'mawa womwewo ndi maso ake? Chifukwa pozungulira 5 koloko, atatopa, amangogwedeza loko mumdima, ndipo 6 koloko kalaliki amakhala watsegula kale. Kodi mphepo singatembenuze loko? Ayi, chifukwa chitsulo chokolekapo sichilola, ndipo mlonda angapite kukayesa yekha ndi tochi usiku womwewo, chimene chimamutulutsanso pa mpando kuti nkhani ipume. Ndikulangiza wolemba aliyense kuti atenge loko weniweni ayese pa chitseko chake, ndi dzanja lamanja kenako lamanzere, aone mbali imene ikugwera kunja. Zinthu zotere sizilembedwa bwino pongoganizira.

Komabe mpata umodzi usiyidwe dala. Loko wotembenuka si umboni wokwanira pa bwalo la milandu. Makiyi alipo atatu, ndipo munthu wa dzanja lamanja wotseka mofulumira mumdima angathe kukoleka chotembenuza. Mlonda akudziwa zimenezi, ndipo theka la mtima wake likukakamira pomwepo, chifukwa akufuna kuti asakhale madala aja. Apa wolemba amayesedwa kuti awonjezere umboni wachiwiri, monga nsapato yodziwika yooneka pakona kapena chipewa chogwa m'kanjira. Asatero. Mapanga awiri avumbwitsa. Umboni wachiwiri umachotsa kukayika, ndipo kukayika kukachoka mlonda sakhalanso ndi chosankha, amangokhala wonyamula uthenga. Komanso umapeputsa kadontho kaja, kamene tagwirira ntchito nkhani yonse.

Za mathero, pali njira zitatu zimene zimabwera msanga m'mutu, ndipo ziwiri ndimazikana. Yoyamba ndi ya apolisi kufika, madala kumangidwa unyolo, bwana kukweza malipiro a mlonda. Imeneyi imasandutsa nkhani kukhala phunziro la ku sukulu, ndipo imanama za mmene alonda amathokozedwera. Yachiwiri ndi yodula nkhani mlonda akadali pa mpando, wowerenga n'kuuzidwa kuti aganize yekha. Olemba ena amaiyesa yakuya, koma nthawi zambiri ndi kuthawa ntchito. Yachitatu ndi yakuti mlonda achite chinthu chimodzi chooneka, chaching'ono ngati kanthu kamene anaona, chimene sichingabwezedwe. M'nkhani yathu, madzulo otsatira, nthawi yotseka itakwana, mlonda sakoleka loko. Amaupereka kwa mkuluyo ndi manja awiri.

"Madala, lero tatsekani ndinu. Dzanja langa lavulala."

Mkuluyo amatseka osaganiza, mbali yakuda n'kugwera kunja. Kenako amaona kuti mnyamatayo sakuyang'ana iye, akuyang'ana loko, ndipo pambuyo pake akuyang'ana kamera ili pamwamba pa chitseko. Chimene anene mkuluyo pamenepo, kapena kusanena kwake, ndicho chiganizo chomaliza, ndipo wolemba aliyense apeze chake. Chofunika n'chakuti mlonda wasankha kuyamba ndi munthuyo asanapite kwa bwana, ndipo wowerenga wadziwa kuti iye ndi munthu wotani.

Nkhani yotere imakwana m'mawu 1,500 mpaka 2,000, ndipo kagawidwe kake kasakhale kofanana. Madzulo a mandasi ndi mawu a bwana zitenge gawo laling'ono. Kubwezabweza zithunzi kutenge malo okwanira kuti wowerenga atope pang'ono pamodzi ndi mlonda, amve kuzizira kwa m'bandakucha ndi kulira kwa udzudzu m'kanyumbamo, chifukwa kadontho kamawala bwino pakati pa zinthu zotopetsa. Koma kutopetsako kukhale kwa ndime ziwiri kapena zitatu, osati masamba. Gawo lalikulu lipite ku maola a pakati pa kuzindikira ndi kucha, pamene mlonda akukumbukira ndalama ya thiransipoti ija, akuwerenga masiku otsala pa zala, akutenga foni kuti ajambule sikirini n'kuibwezanso m'thumba.

Nkhani ikatha kulembedwa, ipatseni anthu awiri. Woyamba akhale mlonda weniweni kapena munthu amene amaika makamera, ndipo mumufunse funso limodzi lokha: ndi pati pamene zinthu sizichitika chonchi? Adzakuuzani zimene simukanaziganiza, monga zakuti wotchi ya kabokosi kaja nthawi zambiri imatsogola kapena kutsalira ndi mphindi zingapo, kapena kuti m'malo ambiri mlonda saloledwa n'komwe kubweza zithunzi popanda nambala yachinsinsi ya bwana, ndiye nkhani yanu iyenera kunena kuti anapatsidwa. Wachiwiri akhale wowerenga wamba, ndipo muzimuyang'ana akuwerenga. Akatha, mumufunse pamene anadziwira kuti ndi madala aja. Akati anadziwa pa mandasi pomwe, dzanja lamanzere laonekera kwambiri, ndipo muchotse mawu opepesa aja, musiye kusintha kwa dzanja kokha. Akati sanamvetse mpaka kumapeto chifukwa chake lokoyo analoza mkuluyo, ndiye kuti chiganizo cha Loweruka chamira, ndipo muchisunthire pafupi ndi pamene mlonda akuyamba kubweza zithunzi. Akabwerera yekha ku tsamba loyamba kukafuna pamene panali dzanja lija, musasinthe kanthu pa kubzalako, mungokonza zilembo n'kutumiza nkhaniyo kwa mkonzi.